A banki akalonjeza pafoni, lembani nambala ndi deti tsiku lomwelo

Abale a ku Ntcheu ndi Dedza amene muli kuno ku Joni, nkhani iyi imandiwawa. Munthu wakhetsa thukuta, ndalama akufuna kutumiza ku Tsangano kuti agule fetereza wa mbatatesi, ndiye akupeza R499 yadulidwa mu akaunti ndi kampani imene saidziwa. Akuimbira banki, akujambula mawu onse pafoni (lamulo la RICA limalola kujambula zokambirana zimene iwe mwini ulimo), nkungosunga osamveranso. Pakatha mwezi akuimbanso, wina akumufunsa nambala ya dandaulo, iye kukamwa pululu. Basi nkhani yayambiranso pachiyambi, eyataimu ikungotha.

Mawu a mphindi 25 palibe wa ku banki amene adzakhale pansi kukumvererani. Mverani nokha tsiku lomwelo, cholembera chili m'manja. Pamwamba lembani deti, nthawi ndi dzina la amene munalankhula naye, kenako ndalama yodulidwayo, tsiku lake ndi dzina la woidula monga likuonekera pa sitetimenti. Pa mfundo iliyonse ikani mphindi imene yanenedwa m'mawu ojambulidwawo, monga 14:20, kuti musadzavutike kuisaka.

Manambala ndiye amagwetsa ambiri. Nthawi zambiri amakhala awiri: ya refalensi ya kuimba kwanuko, ndi ya dandaulo lenilenilo. Yoyambayo imangosonyeza kuti munaimba. Yotsatira nayo ndalama ndi yachiwiriyo. Musadule foni musanaiwerenge mobwereza, chifukwa B ndi D, M ndi N, O ndi 0 zimamveka chimodzimodzi pafoni. Apempheni aitumizenso pa meseji.

Pa za tsiku lobweza, lembani mawu awo enieni, osati zimene mtima wanu ukufuna. "Tifufuza m'masiku 10" si "tibweza m'masiku 10" ayi. Ndipo akati masiku ogwira ntchito, Loweruka, Lamlungu ndi maholide a kuno samawerengedwa. Tinene kuti munaimba Lachisanu pa 19 Sepitembala 2025. Kuwerenga kuyamba Lolemba pa 22, koma pa 24 ndi holide ya dziko lino. Tsiku la 10 likugwa pa 6 Okutobala, pamene kumudzi munawauza kale kuti ndalama ifika pa 29 Sepitembala, iwo nkukongola fetereza podalira mawu anuwo! Choncho lembani deti lenileni, ndipo mukadali pafoni muwafunse alitchule okha. Funsaninso ngati yobwezayo ndi yotheratu kapena yongoyembekezera, poti yongoyembekezera amatha kuichotsanso kafukufuku akakomera woidula.

Zonsezi zikwane mizere 10. Tumizani pa imelo ku nthambi ya madandaulo ya bankiyo, nambala ya dandaulo ija ikhale pamutu. Deti likadutsa ali zii, kuli ofesi ya National Financial Ombud imene imamva madandaulo a mabanki mwaulere, koma nayonso idzafuna umboni woti munayamba mwadandaula ku banki, ndiye nambala yomweyo ikhale pafupi.