Lekani kutidyetsa utsi wa majumbo madzulo

Ana anga a ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula mpaka ku Nsanje, mundimvere ine mkulu wanu. Khalidwe limene lafala masiku ano, loti dzuwa likapendeka munthu asese pabwalo, aunjike zinyalala pafupi ndi mpanda, akoleze moto n'kukalowa m'nyumba, likutipweteka. Makolo athu ankatentha kudzala, inde, koma dzala lawo linali la masamba ndi mapesi a mapira. Lanu lero muli majumbo, matewera a ana, mabotolo, zidutswa za mapaipi, mabatire a tochi, mwinanso botolo la mankhwala a thonje.

Mwezi wa Okutobala wapitawu mdzukulu wanga wa zaka zitatu, amene amavutika ndi mphumu, anagona pakhonde ndi amayi ake chifukwa m'nyumba simunkalowereka ndi kutentha. Kuseri kwa mpanda, anansi ena anali atasonkha mulu wawo. Sunkayaka lawilawi ayi, unkangofuka chifukwa cha matewera onyowa. Pofika pakati pa usiku mwana anayamba kulira mluzu m'chifuwa, pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya. Tinathamangira naye kuchipatala pa njinga yamoto, ndipo mwayi wake anamuthandiza msanga. M'mawa nditapita kukadandaula, mayi wa pakhomopo anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Pepani agogo, ife timati tithamangitse udzudzu." Udzudzuwo moto ukazima umabwerera. Chotetezera malungo ndi neti, osati jumbo loyaka.

Mudziwe chifukwa chake moto wa madzulo uli woipa kuposa wa masana. Ife timakhala m'chigwa. Dzuwa likalowa, nthaka imayamba kuzizira, mpweya wa pansi umalemera n'kukhazikika, ndipo utsi umasowa pokwerera. M'malo mopita kumwamba umayenda chokwawa, kulowa m'mawindo ndi m'makonde mmene anthu ayala mphasa. Inu amene mwayatsa mwina mwagona kumene mphepo ikuchokera, koma akupuma utsiwo ndi khanda la mnzanu. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mu utsimo muli tinthu ting'onoting'ono kwambiri, tochepa kutalitali poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Fumbi la pamsewu mphuno zimaligwira, munthu n'kumina. Iti timadutsa, timakafika pansi penipeni pa mapapo, tina timalowa m'magazi. N'chifukwa chake utsi umadzutsa mphumu, umakulitsa chifuwa mwa wodwala TB, ndipo umalemetsa mtima wa nkhalamba ya BP. Mwana wamng'ono amapuma mofulumira kuposa wamkulu, ndiye amameza wambiri. Amayi, phunzirani kuwerenga kapumidwe ka mwana ali phee kwa mphindi imodzi. Wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa, wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa, kapenanso mukaona pansi pa nthiti pakulowa m'kati, musadikire kuche.

Tsono pali poizoni wina amene samveka fungo. Pulasitiki ya mtundu wa PVC, ya mapaipi ndi yokutira mawaya a magetsi, ili ndi kolorini. Ikapsa pa moto wofuka ngati wa kudzala, umene sutentha mokwanira, pamapangika dayokisini, mankhwala amene akudziwika kuti amayambitsa khansa. Ameneyu sachoka ndi mphepo yokha. Amatsalira m'phulusa ndi m'dothi kwa zaka zambiri. Ndiye taonani zimene zimachitika m'mawa: nkhuku zanu zimathamangira paphulusa pomwepo kukapalasa. Dayokisini amakhazikika m'mafuta a thupi, ndipo mwa nkhuku amakathera m'dzira. Dzira lomwelo mumam'phikira mwana kuti anenepe. Ena mumawola phulusa la dzala lotere n'kukathira kudimba. Lekani. Phulusa loyenera kumunda ndi la nkhuni za kukhitchini basi.

Mukufunsa kuti nanga tizitani nazo? Khuthulani dengu la zinyalala za tsiku limodzi muone. Zochuluka ndi masamba a nimu, makoko a nthochi, zotsala za ndiwo, zitosi ndi ndowe za mbuzi. Zimenezo si zinyalala, ndi manyowa amene mukuwatentha uku mukudandaula mtengo wa feteleza.

Kuno kwathu, makamaka kumene madzi amasefukira, popanga manyowa ine ndimalangiza mulu wa pamwamba osati dzenje, chifukwa dzenje limadzaza madzi m'dzinja zinthu n'kununkha. Sankhani malo okwera pansi pa mtengo, kutali ndi chitsime. Mulu ukhale wa mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi msinkhu, kutalika kwake monga mmene zinthu zachulukira. Pansi yalani mapesi odula kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake ikani masamba ouma okwana chikhatho chimodzi ndi theka kuchindikala, kenako zaziwisi ndi zotsala za kukhitchini, kenako ndowe kapena zitosi, n'kuwaza dothi pang'ono ndi madzi. Bwerezani choncho mpaka mulu ukwane, muufunditse udzu, ndipo muzike ndodo pakati.

Ndodoyo ndiyo idzakuuzani zonse. Pakatha masiku atatu kapena anayi muizule. Ikatuluka yofunda ndi yonyowa, zikuyenda. Ikatuluka youma, ili ndi zoyera ngati ufa, mulu uli ndi ludzu, ndipo ndi dzuwa lathu lino vuto limeneli ndiye lofala; thirani madzi, ngakhale otsukira mbale opanda sopo wambiri. Mukamva fungo la dzira lowola, madzi achuluka, phwasulani muonjezere zouma. Mukafinya m'manja zizimveka chinyezi koma madzi asachite kuyenderera. Tembenuzani pakatha masabata atatu aliwonse, za kunja zilowe m'kati. Pa miyezi iwiri kapena itatu mudzapeza dothi lakuda lonunkhira ngati nthaka ya mvula yoyamba.

Zikachoka zowola, zotsala zimakhala zochepa zedi. Majumbo achepetseni poyambira: boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamayikuloni 60 kuyambira mu 2015, koma inu mumalandirabe jumbo pa tomato wa mulu umodzi. Tengani dengu kapena chikwama popita kumsika. Mabotolo abwino atsukeni musungiremo zinthu, zitsulo ndi zitini mupatse ogula zitsulo zakale. Matewera, chimbudzi chake mutaye m'chimbudzi, thewera lenilenilo mukwirire m'nkhuti pamodzi ndi mapulasitiki osagwiranso ntchito. Nkhutiyo ikhale pamalo okwera, mamita 30 kapena kuposa kuchokera pa chitsime kapena mjigo, ndipo muzithira dothi pamwamba nthawi iliyonse kuti ntchentche ndi agalu zisafikepo. Kukwirira pulasitiki sikuithetsa, ndikudziwa, koma ili pansi siilowa m'mapapo a munthu. Mabatire musawaponye pamoto, amaphulika. Asungeni m'chitini chotseka pouma, kumene ana safikako.

Alimi a thonje, botolo la mankhwala likatha litsukeni katatu, madzi otsukirawo muwathire m'sipuleya momwemo akagwire ntchito kumunda. Kenako libooleni pansi kuti wina asadzatungiremo madzi kapena kuikamo mchere, ndipo mufunse alangizi a zaulimi a kwanuko kumene mungakalisiye. Limeneli lisayandikire moto ngakhale pang'ono.

Kwa anansi anga aja ndinabwererako ndi khasu ndi ndodo, tinaumba mulu woyamba limodzi pansi pa msawu. Sabata yatha anandiitana kuti ndikaone ndodo yatuluka yoyera. Tinathira ndowa zitatu za madzi.