Maganizo anga: tinkhani tam'mbali tizithera bwalo limodzi ndi nkhani yaikulu

Loweruka lapitali ndinakaonera sewero pa holo ina yake ku Limbe, ndipo linatha katatu. Mlandu wa nyumba, womwe unali nkhani yaikulu, unagamulidwa bwinobwino, anthu tinaomba m'manja, ena mpaka anatenga zikwama poti minibasi za ku Bangwe zimavuta kukada, kenako nyali zinayakanso kuti tione ngati mtsikana uja akwatiwe, zitatha izo kunabweranso sini ina ya agogo odwala. Zinandipweteka chifukwa anyamatawo amatha kusewera ndithu, vuto linali pa pepala.

Ine ndimalemba masewero, ndiye amene mumalemba nawo ndimvereni. Kankhani kam'mbali kaziyambira kumapeto. Musanalembe sini yoyamba dziwani kaye pampondachimera, ndi pati, ndani alipo, aliyense wanyamula chiyani m'manja kapena mumtima chomwe chingagwetse kapena kupulumutsa mwini nkhani. Amene wabwera chimanjamanja pamenepo, nkhani yake ndi ya sewero lina.

Ndipereke chitsanzo cha lomwe ndikulemba panopa. Mayi Nabanda a ku Ndirande amuna awo amwalira, alamu awo akufuna kugulitsa nyumba ati malemu anawasiyira iwo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda chuma chotere, koma m'makwalala mwathumu nkhani zambiri zimayambira kwa amfumu, ndipo amfumu amafunsa umboni. Umboni wa mayiwa ndi kalata yogulira malo yomwe ili pansi pa sutikesi. Nkhani yaikulu ndi imeneyo, kodi nyumba itsala kapena ipita.

Poyamba ndinaikamo mwana wawo Chifundo, kondakitala wa minibasi ya Limbe, ndi chibwenzi chake. Zinali zokoma kuwerenga koma nditazichotsa zonse mlandu wa nyumba unatha chimodzimodzi osasintha kanthu, apa ndi pamene ndinadziwa kuti chibwenzicho changokhala mlendo. Mayeso ake ndi amenewa basi: chotsani kankhaniko, werengani mapeto. Akaima bwinobwino ndiye kuti simunaluke, munangoyala zingwe ziwiri moyandikana.

Ndiye ndinasintha. Chifundo wasowetsa ndalama za tsiku lonse za bwana wake, akuopa kuchotsedwa ntchito, watenga kalata ija mu sutikesi mayi ake osadziwa nkukaipereka chikole kwa munthu wa katapila pa K150,000. Taonani, vuto lake ndi lake ndithu, ali ndi mantha ake, ali ndi chomwe akufuna, koma chinthu chomwe wagwira ndi chomwecho chomwe mayi ake akudalira.

Chingwe chachitatu ndi chomwe ndimachikonda kwambiri. Mayi a Dalitso, mnzawo wa ponda apa nane ndipondepo wa a Nabanda, amene amawaperekeza kulikonse, ndi msungichuma wa banki m'khonde. Akhala akutapa ndalama za gulu mobisa nkumakongoza pa katapila kudzera mwa amuna awo, ndiye kalata ija yathera m'nyumba mwawo. Ndalama zina sizinabwerere, Disembala wafika, gulu likufuna kugawana, ndipo alamu aja amva fungo abwera kuti tigulitseni pepalalo tikupatsani yokwanira kutseka dzenje lanu. Mlandu kwa amfumu ndauika Loweruka, kugawana kwa gulu Lamulungu. Izi ndachitira dala, chifukwa tinkhani timakumana patokha ngati tonse tikuthamangitsidwa ndi tsiku limodzi. Mukapatsa aliyense kalendala yake ndi pamene mumapeza sewero lotha katatu lija.

Pokonza ndimatenga kope wamba ndi mapeni atatu osiyana mtundu, sini iliyonse mzere umodzi. Sewero ili lili ndi masini 24. Nkhani ya nyumba ili pafupifupi paliponse, ya Chifundo imatulukira kasanu ndi kamodzi, ya mayi a Dalitso kasanu. Ndikayang'ana pa tsamba nkuona kuti mtundu wina wasowa masini opitirira anayi otsatizana, ndimadziwa kuti oonera amuiwala munthuyo, akadzabwera azidzafunsana kuti paja uyu ndi ndani. Woluka tsitsi sagwira chingwe chimodzi nthawi yaitali, chilichonse chimadutsa pakati nthawi yake ikakwana, apo ayi luko limamasuka.

Koma kungosinthanasinthana sikokwanira ayi. Masini amene ndimawasaka ndi omwe ndingalembe ndi mapeni awiri nthawi imodzi. Sini 15, a Nabanda apita kwa mnzawo uja kukabwereka ndalama ya thiransipoti, bokosi la gulu likutsekulidwa, iwo aona kansonga ka pepala la pulasitiki lobiriwira lofanana ndi lomwe anakulungira kalata yawo. Sanena kanthu, nanga munthu ungamuganizire zoipa mnzako amene anagona nawe pa siwa? Sini imodzi yomweyo yayendetsa nkhani ziwiri, komanso yabzala chinthu chomwe tidzakolole kumapeto. Popanda sini imeneyi kalata ikadzatuluka pa bwalo anthu adzati zangochitika mwamwayi, ndipo oonera a ku Blantyre mwayi wotere saulandira, amayamba kuyankhula mu holo momwemo.

Tsopano pa bwalo, apa dongosolo ndi lofunika kwambiri. Amfumu afunsa kalata, a Nabanda atsegula sutikesi yomwe anyamula kuchokera kunyumba, mulibe. Chifundo aimirira nkuulula. Nkhani yake yatsekeka pamenepo, mwana amene wakhala akunama sewero lonse wanena zoona, koma kutsekeka kwakeko kwaika mayi ake pansi penipeni, umboni palibe, manyazi pamaso pa mudzi. Alamu apezerapo mpata, akuti tisiyireni nyumba ife tilipira ngongole ndipo mwanayu sitikamusiya ku polisi.

Apa ambiri timalakwitsa. Zimakopa kuti mayi a Dalitso angoimirira okha mtima utawatsutsa, atulutse kalata, aliyense alire. Ndinalemba choncho koyamba ndipo mnzanga wina atawerenga anandifunsa kuti nanga sewerori ndi la ndani, poti a Nabanda angokhala pa mkeka anthu ena akuwathera nkhani. Ananena zoona. Kankhani kam'mbali kabweretse kiyi, koma wotsegula chitseko akhale mwini nkhani. Ndiye panopa a Nabanda ndi amene akumbukira pulasitiki yobiriwira ija, atembenukira kwa mnzawo pamaso pa anthu onse nkunena kuti mayi a Dalitso, ngongole ya mwana wanga ndiisenza ndine, mawa ku gulu tikaimirira limodzi, koma tsegulani chikwamacho. Mayi a Dalitso akutulutsa kalata akudziwa kuti akudziulula okha za ndalama za gulu. Nkhani zitatu zatha mkati mwa masini atatu, pa bwalo limodzi, iliyonse ikukankha inzake.

Ena mudzati moyo weniweni sutha mwaudongo chonchi. Ndikuvomera, nchifukwa chake sindinafafanize ngongole ija, K150,000 ndi chiwongoladzanja chake ikadalipo, ubwenzi wa amayi awiriwa wang'ambika ndipo sindikulonjeza kuti usokeka. Chomwe chimayenera kutsekeka ndi funso lomwe munafunsa oonera, kodi mwanayu aulula, kodi mnzakeyu agulitsa pepala. Zotsatira zake zitha kupitirira anthu atapita kwawo.

Sini 24 ndi yaifupi, mwina mphindi ziwiri. Lamulungu m'mawa a Nabanda akhoma chitseko cha nyumba yawo, Chifundo wanyamula mpando, akupita ku gulu, mayi a Dalitso akuwadikira pa mpopi sanadziwe ngati awapatse moni.