Manambala 6 aja sapatsa munthu!

Ndakwiya, anthu inu. Dzulo tsiku lonse landithera pa foni ya alamu anga chifukwa cha manambala 6 okha a khodi yolowera pa WhatsApp. Analandira meseji yochokera kwa mayi wina wa kukwaya kwawo: "Pepani asisi, ndalakwitsa nambala, khodi yanga yabwera kwa inu, nditumizireni." Iwo osayamba aimba kaye, basi kutumiza. Mphindi zisanu zisanathe WhatsApp yawatulutsa, wakuba ali kalikiliki kupempha abale K30,000 m'dzina lawo. Mayi wa kwayayo naye anali atamubera kale akaunti yake.

Khodi ya WhatsApp siisochera. Ikafika pa foni yanu musanaipemphe, dziwani kuti wina walemba nambala yanu pa foni yake, mwina akungodikira inu mumupatse kiyi. Sapatsa munthu manambala amenewo. Kaya wapempha ndi abusa, kaya mayi anu okubalani, kaya wina wodzitcha wa ku ofesi ya WhatsApp, osapereka! Safunsa anadya phula.

Mmene tinayesera kuibweza akauntiyo ndi umu. Simu khadi inali ikadali m'manja mwathu, ndiye tinatsegula WhatsApp, kulembanso nambala ya alamu, khodi yatsopano n'kubwera pa SMS. Mukangoilowetsa khodi imeneyo, wakuba amatulutsidwa pompo, poti nambala imodzi siilembetsedwa pa mafoni awiri. Koma tambwaliyo anali atatchera kale Two-step verification ndi PIN yakeyake. Zikatero mumadikira masiku 7 kuti mulowe popanda PIN. Iye ali panja, inunso muli panja, sabata yathunthu. Ndipo musamangopemphapempha khodi mwaphuma, amakuikirani nthawi yodikira yotalika.

Chondiwawa n'chakuti chitseko chimene watitsekera nacho wakubayo ndi chomwecho alamu akanatseka okha kalekale. Settings, Account, Two-step verification, n'kuika PIN ya manambala 6 yosankha nokha, kuwonjezera imelo yoti idzakupulumutseni mukadzaiwala. Mphindi ziwiri basi, zaulere. Akanatero, wakuba akanalandira khodi ija n'kukakamira pa PIN. Ulesi chabe. Ndipo PIN isakhale chaka chobadwa kapena 123456, chonde. Nayonso sapatsa munthu.

Masiku 7 akakwana ndikaona kaye pa Linked devices, chilichonse chachilendo ndikachichotsa, chifukwa ena amakuwerengerani mameseji pa kompyuta inu muli phee.

Nanga inu achibale amene munatumiza ndalama? Anthu atatu athunthu! Munthu amene chibadwire sanakupempheni ndi K500 yomwe, lero akulemba Chingerezi chokhachokha, akukupatsani nambala ya dzina lachilendo, inu osadabwa? Mayunitsi oimbira mphindi imodzi anakusowani, koma K30,000 inapezeka msangamsanga. Pa maliro a agogo paja tinakusakani mwezi wathunthu.