Khadi la ku banki ndi lake, musamulande pomuthandiza

Abale anga a kuno ku Joni, pabanja pakakhala munthu wamkulu wochedwa kumvetsa zinthu chibadwire, kapena wodwala matenda a maganizo, mawu amene amatuluka msanga ndi akuti, "Ameneyu sangathe, timusungire." Khadi la ku banki limalowa m'chikwama cha mayi ake kapena cha amalume, pini n'kudziwika ndi onse kupatula mwini wake. Ambiri amachita izi ndi mtima wabwino, sindikukana. Koma maganizo anga ndi akuti kumusankhira munthu ndi kumuthandiza kusankha ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo timathamangira yoyambayo tisanayese n'komwe yachiwiri.

Lamulo la South Africa limati munthu akakwanitsa zaka 18 ndi wamkulu, ndipo mphamvu za makolo pa iye zimathera pomwepo. Palibe poti chifukwa ali ndi ulumali ndiye kuti mayi ake apitiriza kumusainira. Lamulo limayamba ndi kumutenga munthu aliyense wamkulu kuti angathe, ndipo wonena kuti sangathe ndiye ayenera kubweretsa umboni, wokhudza nkhani inayake pa nthawi inayake.

Apa m'pamene ambiri timasakaniza zinthu ziwiri. China ndi mphamvu yodziimira pamaso pa lamulo, kutanthauza kuti uli ndi ufulu wokhala ndi katundu, komanso kuti ukasaina, ukagula, ukavomera kapena kukana, lamulo limawerengera kuti wachita ndiwe. China ndi luso lomvetsa nkhani ndi kuiyeza, lomwe limasiyana munthu ndi munthu, ndipo mwa munthu mmodzi yemweyo limakwera ndi kutsika. Wodwala baipola, matenda a maganizo obwera ndi kupita, angathe kuyendetsa bizinesi miyezi khumi, n'kusokonezeka milungu itatu. Ndime 12 ya Pangano la UN la ufulu wa anthu aulumali, lomwe South Africa idavomereza mu 2007 ndipo Malawi mu 2009, imati aulumali ali ndi mphamvu yoyamba ija mofanana ndi wina aliyense, ndipo boma liwapatse thandizo kuti aigwiritse ntchito. Mu 2014 komiti yoyang'anira panganoli idamasulira kuti kuchepa kwa luso lomvetsa kusakhale chifukwa chomulanda munthu mphamvu ya pa lamulo. Funso lisakhale loti chomukomera n'chiyani m'maso mwathu, likhale loti iyeyo akufuna chiyani.

Tiyerekeze nkhani iyi. Mnyamata wa zaka 26 amakhala ndi mayi ake ku Rosettenville, amatsuka magalimoto, amakwera takisi yekha, koma kuwerenga kumamuvuta ndipo ndalama zikapitirira mahandiredi angapo sazitsatira. Bambo ake amwalira, am'siyira R150,000. Banja lachita mantha, ndipo mantha ake ndi omveka.

Njira ya khoti ilipo. Pansi pa Lamulo 57 la kayendetsedwe ka Khoti Lalikulu, wachibale amapempha kuti munthuyo alengezedwe kuti sangathe kuyendetsa zinthu zake. Pamafunika zikalata zolumbira za madokotala awiri amene amuona posachedwa, mmodzi akhale wa matenda a maganizo. Khoti limasankha loya woti akakumane naye ndi kulemba lipoti, ofesi ya Masitala wa Khoti Lalikulu, yomwe imayang'anira chuma cha anthu otere, nayo imaikapo ndemanga, kenako woweruza amasankha woyang'anira chuma, amene maloya amati kyureta bonisi. Kuyambira pamenepo amene amagwira akaunti ndi kusaina ndi iyeyo, ndipo chaka ndi chaka amapereka malipoti a ndalama kwa Masitala. Ubwino wake ndi umenewo, kuti pali womuyang'anira. Koma zimatenga miyezi, maloya ndi madokotala amalipidwa kawirikawiri kuchokera m'thumba la mwini ndalama yemweyo, ndipo kyureta amatengako 6 pa 100 iliyonse ya ndalama zolowa ndi 2 pa 100 ya chuma chimene akupereka ntchito yake ikatha. Pa R150,000, gawo looneka limapita mnyamata asanagule ngakhale nsapato. Kutulukamo nakonso n'kubwereranso kukhoti ndi umboni wa madokotala.

Pali njira ina yotsika mtengo, ya Lamulo la chisamaliro cha matenda a maganizo la 2002, pomwe Masitala amasankha woyendetsa chuma popanda kupita kwa woweruza. Koma imeneyo ndi ya odwala matenda a maganizo ndi amene ulumali wawo wa kaganizidwe ndi waukulu kwambiri. Mnyamata wathu wokwera takisi yekha sakulowamo.

Ndiye ena amati angosainitsa kalata yopatsa amalume mphamvu yomuchitira zinthu. Chenjerani pamenepa. Kalata imeneyo imagwira ntchito pokhapokha wosainayo akumvetsa zimene akupereka, ndipo m'dziko muno imafa yokha tsiku limene iye wataya luso lomvetsa. Mabanja ambiri amaiyendera zaka osadziwa kuti idatha mphamvu kalekale.

Nanga kumuthandiza kusankha kumaoneka bwanji pa R150,000 imeneyi? Choyamba, akaunti ikhale m'dzina lake, ndipo asaine yekha. Omuthandiza awasankhe iye, ndipo ndibwino akhale awiri, mwina mayi ake ndi mkulu wina wa kumpingo amene sadya nawo ndalamazo. Mmodzi yekha amatopa, komanso palibe womuona. Atatuwa alembe pepala limodzi, m'mawu amene mnyamata akumva, lonena zimene akufuna thandizo, monga kuwerenga makalata a banki ndi kugula chinthu chopitirira R1,000, komanso zimene safuna kulowereredwa. Malipiro ake a kotsuka magalimoto ndi nkhani ya chibwenzi chake akhoza kunena kuti musakhudzeko, ndipo zikhale choncho. Pepalalo linenenso kuti angathe kumusiya womuthandiza tsiku lililonse.

Kenako mabanki omwewa ali ndi zida zoti ndalama zisathe tsiku limodzi popanda kumulanda khadi. R140,000 ikhoza kulowa mu akaunti imene ukafuna kutapa umadziwitsa banki n'kudikira masiku 32. Yotsalayo ikhale mu akaunti wamba, ndipo Lolemba lililonse R600 izipita yokha pa khadi limene amayenda nalo, lokhala ndi malire a zotapa pa tsiku. Masiku 32 aja ndiwo mlonda weniweni. Mnzake wa pakona akabwera ndi bizinesi yoti ilowe lero lomwe, mnyamata ali ndi yankho loona: ndalama sizituluka lero. Koma zonsezi zichitike iye atavomera, apo ayi mwangomumanga ndi chingwe china.

Pofotokoza m'pamene pali ntchito yambiri, ndipo m'pamene timafulumira kugwa mphwayi. Nenani kuti akufuna foni ya R6,000. Kumuuza kuti ndi yodula sikumuuza kanthu, chifukwa nambalayo kwa iye ndi phokoso chabe. Tengani kalendala ya pakhoma, mupatseni cholembera, adule yekha Malolemba khumi, poti R600 kakhumi ndi R6,000. Aone kuti foniyo ikudya ndalama za milungu khumi. Muonetseni ina ya R2,400, adule Malolemba anayi. Musamufunse kuti wamva, chifukwa ambiri mwa abale athuwa adaphunzira kuyankha "eya" kuti asakhumudwitse akulu. Muuzeni akufotokozereni m'mawu akeake zimene zichitike akagula. Musiyeni agone, mufunsenso mawa pamalo ena, tsiku lina mufunsenso womuthandiza wina palibe. Akanena chimodzimodzi katatu konse kuti akufuna ya R6,000, agule. Inu mukhoza kuona kuti n'kuwononga, koma tonsefe tidagulapo foni yoposa matumba athu ndipo palibe adatiitanira madokotala awiri.

Zimene zimalakwika zimadziwika msanga ukamayang'ana. Womuthandiza amayamba kuyankha mafunso a wa ku banki mnyamata ali chete pambali, ndipo wa ku bankiyo naye amayang'ana kwa mayi okha. Pamenepo womuthandiza wabwino amangoti, "Afunseni eni ake, ndi awa." Chizindikiro china ndi choti zosankha zonse za mnyamata zayamba kufanana ndendende ndi zofuna za womuthandiza: ndalama zikupita kumudzi kukamaliza nyumba ya amalume, iye akuti wavomera, koma sangakuuzeni kuti nyumbayo ndi ya ndani. Chinanso n'kusowa kwa zolemba. Kabuku kamodzi kolembamo tsiku, chimene chidakambidwa, chimene adasankha ndi amene analipo kamateteza onse, ngakhale mayi ake pa tsiku limene achibale a kuchimuna adzafunse kuti ndalama za malemu zidapita kuti. Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse akhale pansi ndi sitetimenti ya banki, aonenso ngati R600 ikukwanira. Pa mlingo umenewo ndalamazo zitha zisanakwane zaka zisanu, kupatula chiwongoladzanja, ndipo zimenezi nazo ayenera kuzidziwa mwini wake.

Kwa wodwala matenda obwera ndi kupita, pepala lomweli limalembedwa ali bwino: zizindikiro zoti wayamba kudwala, amene aimbiridwe foni, amene asunge khadi ndi kwa masiku angati, mankhwala amene adamuvutapo. Wasankha yekha pasadakhale, ndipo akachira khadi libwerere.

Sindinena kuti njirayi imakwanira aliyense. Alipo abale athu amene ngakhale ndi kalendala ndi zithunzi sangaonetse chimene akufuna pa nkhani ya nyumba kapena ya mamiliyoni a chipukutamisozi cha ngozi ya pamsewu. Komiti ya UN imati ngakhale pamenepo tizifufuza chifuniro chawo kuchokera ku mbiri ya moyo wawo ndi zimene amakonda, ndipo ine ndikuona kuti apa mfundoyo ndi yosavuta kulemba kuposa kuchita. Peru mu 2018 ndi Colombia mu 2019 adasintha malamulo awo, n'kuika dongosolo la othandiza m'malo mwa kulengeza munthu waulumali kuti sangathe. Kuno, bungwe lounika malamulo la South Africa lidatulutsa lipoti mu 2015 lokhala ndi bilu ya kuthandiza munthu kusankha, koma pomwe banki kapena chipatala chikuyang'ana lero ndi siginecha ya mwini wake kapena chikalata cha khoti kapena cha Masitala. Pepala lanu la anthu atatu lija silikakamiza banki kanthu, n'chifukwa chake wosaina akhale mnyamata nthawi zonse, inu muli pambali. Ndipo ngati zafika poti kyureta sangapeweke, uzani loya kuti apemphe mphamvu zochepa, za chuma chachikulucho chokha, kuti malipiro ake, khadi lake la tsiku ndi tsiku ndi nkhani ya kumene akhale zitsale m'manja mwake.