Koteshoni ya mzere umodzi inandidyera phindu la geti

Anzanga owotcherera, akalipentala ndi omanga muno mu Chipata, ine maganizo anga ndi akuti mikangano yambiri yomwe timakhala nayo ndi makasitomala timaiyamba tokha tsiku lomwe tikulemba koteshoni. Chaka chatha bambo ena a ku Kalongwezi anandiitana kukapima mawindo sikisi ndi geti, ine nkuwatumizira pa foni mzere umodzi chabe, "mabagalabaa ndi geti K18,000." Anayankha kuti chabwino, kenako zii miyezi itatu. Tsiku lomwe anabwera ndi dipoziti zitsulo zinali zitakwera kale ku hadiweya, iwo nkutsegula foni kundionetsa uthenga wanga womwe uja, amvekere "amisiri, si inu munalemba apa?" Ndinalibe poyankhira chifukwa panalibe tsiku lothera mtengo. Pokamanga geti anafunsanso loko, penti yakuda ndi simenti ya njanji, zonse akuti zili mu 18,000 momwemo, ndipo kunena zoona sanali kundibera ayi, iwo mumtima mwawo geti ndi chinthu chotha kale chomwe ungotseka nkukagona.

Manje pepala langa limayamba ndi kutchula chinthu chilichonse ndi muyeso wake. Nchito yomwe ija lero ndingalembe kuti mawindo 6, lililonse mita 1.2 kwa 1.2, chitsulo cha mamilimita 12, K1,300 limodzi, onse K7,800. Geti yokankha pa njanji, mamita 4 mulitali ndi 2 kupita m'mwamba, sikweyachubu ya 40 kwa 40 yochindikala mamilimita 1.6, K9,200. Thiransipoti ndi kumangirira K1,000. Kuchindikala kuja musamakusiye, chifukwa kasitomala akatenga mtengo wanu kukafanizira ndi wa mnzanu ku Kapata yemwe wawerengera chubu yopyapyala, inu muoneka odula pomwe katunduyo ndi wosiyana.

Koma mzere womwe umandipulumutsa kwambiri ndi wa zomwe mulibe mu mtengo. Ndimalemba poyera kuti ndipaka penti yoyamba yoteteza dzimbiri basi, penti yomaliza, loko, simenti, mchenga ndi kumanga zipilala ndi za mwini nyumba. Ena amaopa ati ukalemba choncho kasitomala athawa, ine sindinaonepo, amene akufuna zonse amangonena kuti onjezani ndiye timaonjezera mtengo tisanadule chitsulo ngakhale chimodzi. Akasintha maganizo pakati pa nchito, mwina geti ikhale ndi kachitseko kolowera anthu, ndimalemba kakoteshoni kena kakang'ono, avomere kaye.

Za masiku, kulemba kuti "mtengo uwu ndi wa masabata awiri" sikukwanira, munthu adzakuuzani kuti iye anauona mochedwa. Ikani deti yeniyeni, ndalemba pa 3 Malichi, mtengo utha pa 17 Malichi. Ine ndimapereka masiku 14 chifukwa zitsulo zimatsata dola, kwacha ikagwedezeka ku hadiweya sachedwa kusintha mitengo. Ndipo ndimanena kuti kuvomera ndi kulipira dipoziti pofika tsikulo, "chabwino" wa pa foni sagula chitsulo. Masiku 10 omwe ndimalemba kuti nchito itenga nawonso amayamba kuwerengedwa tsiku lomwe dipoziti yalowa.

Kalipiridwe ndimakadula patatu ndipo ndimalemba ndalama zake, osati maperesenti okha, kuti wina asadzawerenge mwa njira yake. Pa K18,000, dipoziti ndi 60 peresenti yomwe ndi K10,800, iyi ikwanire kugula zitsulo zonse ndi marodi, ikapanda kukwana ndiye kuti nyumba ya munthu mukuimanga ndi ndalama yanu ya ufa. Kenako K5,400 akabwera kushopu kudzaona katundu atatha, asanakwere galimoto. Yotsala K1,800 pasanathe masiku atatu nditamangirira. Yomalizayi ndimaisiya yochepa dala, geti ikalowa mu simenti simungaizule, ndiye ngati theka la ndalama lili kwa kasitomala mudzakhala mukumva za "kumapeto kwa mwezi" mpaka mvula igwe. Komanso kasitomala ali ndi chogwira ngati geti ikukhula pa njanji, ine ndiyenera kubwera kudzakonza ndisanalandire.

Pansi ndimaika nambala imodzi yolandirira ndalama ndi dzina lomwe lituluke akamatumiza, ndipo ndimalemba kuti mtengowu ulibe vati popeza sindinalembetse. Amene munalembetsa, onetsani 16 peresenti pa mzere wake, pa nchito ngati iyi ndi K2,880, ndalama yomwe munthu sangakondwe kuimva tsiku la invoisi. Akawerenga zonse amasaina, ndimajambula pepalalo nkuwatumizira, lenilenilo limakhala mu faelo kushopu.