Vuto si mawuwo okha

"Mukaona moreover kapena furthermore pa ndime iliyonse, dziwani kuti analemba ndi makina."

Anatero mtolankhani wina. A mtolankhani, apa ndikutsutsani pang'ono. Ambirife tinaloweza mawu amenewa kusekondale pokonzekera MSCE, makina a AI olemba okha nkhaniwa asanabwere.

Mphwanga analemba yekha kalata yofunsira ntchito, ndime zinayi, zitatu zoyamba ndi mawu amenewa. Chiganizo china chimati anagwirapo ntchito m'sitolo, chotsatira "Furthermore, I can keep stock records." Ndinamufunsa kuti, kulemba katunduko unakuphunzira kuti? Akuti m'sitolo momwemo. Ndiye mawu oyenera anali "so", chifukwa mfundo yachiwiriyo ikuchokera pa yoyamba. Furthermore amangonena kuti "nachi china", osaonetsa kuti mfundozo zikugwirizana bwanji. N'chifukwa chake nkhani imamveka ngati ya makina: mfundo zangosanjikizidwa ngati njerwa zopanda dothi.

Anzanga owerenga, yesani kufufuta mawuwo n'kuwerenganso mokweza. Ngati palibe chasowa, asiyeni. Ngati pali chifukwa, lembani "because". Ngati mfundo zikutsutsana, "but". Ngati mukungoonjezeradi, "also" akwanira.

Pa Chichewa matendawa aliponso. Timalemba "kuonjezera apo" kasanu, pomwe pocheza timangoti "komanso", "koma" kapena "ndiye".