Panado ali ndi malire, ndipo chiwindi sichichenjeza msanga

Abale anga a kuno ku Chipata, ndikufuna tikambirane za panado. Nkhaniyi yandikhala pamtima kuyambira mwezi wa Okutobala, nthawi ija dzuwa linkaswa mtengo, pamene mlamu wanga anagona m'chipatala masiku awiri chifukwa cha mankhwala amene tonsefe timagula pakantemba ngati maswiti.

Mlamu wangayu amagulitsa tomato ndi repu pamsika. Ndi mayi wochepa thupi, sikelo ya kuchipatala inamupeza ndi makilogalamu 48. Tsikulo anadzuka mutu ukuwawa kwambiri, koma katundu anali atapikula kale, ndiye zogona panalibe. Anamwa panado muwiri 5 koloko m'mawa. Pofika 7 koloko mutu unali usanaleke, anamwanso muwiri. Cha m'ma 9 koloko mnzake wa pabenchi anamuuza kuti, "Amake mwana, chimenecho ndi chimfine," n'kumupatsa makapisozi awiri a chimfine. Masana 12 koloko anamwa panado muwiri, 5 koloko madzulo muwirinso, ndipo pogona anameza makapisozi ena awiri a chimfine aja. M'mawa mwake mchimwene wanga anandiimbira foni kuti mkazi wake akumva mseru. Nditafika ndinamufunsa kuti wamwa angati, ndipo anandiyankha mosakayika kuti, "Alamu, sindinapitirire 8, malamulo ake ndimawadziwa."

Sananame. Panado anamwadi 8. Koma titatenga kapepala ka makapisozi a chimfine kuja n'kuwerenga kuseri, tinapeza kuti kapisozi aliyense anali ndi mamiligalamu 500 a parasetamo, mankhwala omwewo amene ali mu panado. Choncho sanamwe 8, anamwa 12. Ndiwo mamiligalamu 6,000 pa maola 16, m'thupi la munthu wa makilogalamu 48.

Muyezo wake weniweni ndi uwu. Piritsi la panado la akuluakulu nthawi zambiri limakhala la mamiligalamu 500. Munthu wamkulu wathanzi, wolemera kupitirira makilogalamu 50, amwe limodzi kapena awiri nthawi imodzi, osapitirira pamenepo. Akamwa adikire maola osachepera 4 asanamwenso, ndipo akatha kudikira maola 6 ndi bwino koposa. Pa maola 24 asamwe maulendo opitirira anayi, kutanthauza mapiritsi 8, kapena kuti mamiligalamu 4,000. Maola 24 amenewa sayamba tambala akalira. Ngati munamwa awiri 10 koloko usiku ndi ena awiri 2 koloko usiku, anayi amenewo akuwerengedwabe m'mawa mukadzuka. Ambiri timaganiza kuti kukacha ndiye kuti kuwerenga kwayambiranso, pamene chiwindi chikadali pantchito ndi za usiku.

Cholakwa chimodzi cha mlamu wanga chinali cha 7 koloko chija. Panado amayamba kugwira pakapita mphindi 30 mpaka ola limodzi. Ngati awiri sanathetse mutu, kuwonjezera ena pasanathe maola 4, kapena kumwa atatu nthawi imodzi monga amachitira anyamata ena a njinga ndi a zomangamanga, sikuchotsa ululu kuposa mmene awiri aja akanachitira. Mphamvu yake yothetsa ululu ili ndi polekezera, koma ntchito imene mukupatsa chiwindi imangokulirakulira. Mutu umene wakana panado muwiri ukukuuzani kuti vuto lili pena, ndipo kwa mlamu wanga vutolo linali malungo. Atamubaya chala kuchipatala zinaoneka pompo.

Mwina mungafunse kuti chiwindi chikubweramo bwanji. Pafupifupi panado yense amene timamwa amakathera m'chiwindi, ndimo amaphwanyidwa kuti atuluke ndi mkodzo. Pomuphwanya pamatsala kagawo kakang'ono kamene ndi poizoni. Chiwindi chili ndi mankhwala akeake ozimitsira poizoni ameneyu, ndipo pa muyezo woyenera amakwanira bwinobwino. N'chifukwa chake panado ndi mankhwala abwino, amene ngakhale amayi oyembekezera amapatsidwa. Koma mankhwala ozimitsira aja ali ngati chimanga cha m'nkhokwe, amatha. Mukamwa panado wambiri kapena mothithikiza, nkhokwe imakhala mbee, ndipo poizoni wotsalayo amayamba kupha chiwindi chenichenicho.

Tsono nkhokwe za anthu sizifanana, ndipo apa ndi pamene ndimatsutsana ndi aja amati 8 ndi wa aliyense. Munthu wosakwana makilogalamu 50 amawerengeredwa malinga ndi thupi lake, mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse ulendo umodzi. Kwa mlamu wanga zikukwana 720, zomwe sizikufika pa mapiritsi awiri. Iye woyenera ndi piritsi limodzi, ndipo pa maola 24 asafike n'komwe pa 6. Ganizirani agogo athu a kumidzi ya kwa Mpezeni kapena kwa Chanje, mmene ena achepera thupi, koma tikawagulira panado timawauza kuti, "Agogo, muzimwa awiriawiri." Chimodzimodzinso munthu womwa kachasu kapena mowa wina tsiku ndi tsiku, munthu amene wakhala masiku osadya bwino chifukwa cha matenda kapena kusala, amene ali ndi vuto la chiwindi kale, ndi amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu kapena ena a khunyu. Onsewa 8 ndi wochuluka kwa iwo, ndipo muyezo wawo awauze ndi dokotala kapena anasi. Bambo amene wadzuka ndi matsire, m'mimba mulibe kanthu, n'kumameza panado maola awiri alionse, ali pangozi kuposa mmene akudziwira.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi chakuti munthu amene wapyola muyezo samva kanthu tsiku loyamba. Ena amangomva mseru, kusanza pang'ono, kusafuna chakudya, ndipo ambiri sakhala ndi chizindikiro chilichonse. Amasamba, amapita kumunda, amaseka ndi anzawo. Kupweteka kwa m'mimba kudzanja lamanja, m'munsi mwa nthiti, kumabwera tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Maso achikasu, kusokonezeka mutu, kuwodzera kosadzuka ndi kutuluka magazi zimabwera cha pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, chiwindi chitawonongeka kale. Mankhwala oteteza chiwindi alipo, dzina lake ndi asetilosisitini, ndipo kawirikawiri amaperekedwa pa diripi. Amagwira bwino kwambiri akayambidwa pasanathe maola 8 munthu atamwa mapiritsi ochulukawo. Akachedwa amathandizabe, koma mphamvu yake imacheperachepera. Ndiye munthu akamati, "Tiyeni tione kaye mmene kuchere," akutaya maola amene akanamupulumutsa.

Mchimwene wanga ankafuna kuti mkazi wake amwe mkaka agone. Ndinakana, ndipo tinakangana ndithu. Mkaka suchotsa panado m'magazi. Kudzisanzitsa ndi chala kapena ndi madzi a mchere sikuthandizanso, chifukwa mapiritsi amakhala atalowa kale m'thupi, ndipo madzi a mchere ali ndi ngozi yakeyake. Tinatenga takisi, ndipo ndinanyamula mapepala onse a mankhwala aja ndi kapepala kamene ndinalembapo nthawi imene anamwa chilichonse. Achipatala anafunsa zinthu zitatu: wamwa angati, nthawi yanji, ndipo amalemera bwanji. Anamutenga magazi, anamuika diripi, anamuyambitsa mankhwala a malungo, ndipo tsiku lachitatu anatuluka chiwindi chili bwino. Ndimathokoza Mulungu kuti mseru uja unabwera, chifukwa ukanapanda kubwera sakanandiimbira.

Wina anganene kuti 12 si ambiri, iye anamwapo otero osadwala. N'zoona kuti ena amapulumuka, koma palibe njira yodziwira uli kunyumba kuti iweyo uli m'gulu liti. Madokotala amayamba kuda nkhawa munthu akapitirira mamiligalamu 75 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa maola 24. Kwa munthu wa makilogalamu 48 malire amenewo ali pa 3,600, ndipo mlamu wanga anali pa 6,000. Kwa munthu wa makilogalamu 60 ali pa 4,500, omwe ndi mapiritsi 9 okha. Onani kufupika kwa mtunda pakati pa muyezo wololedwa ndi pamene achipatala akufuna kukuonani. Ndipo kupyola pang'onopang'ono masiku angapo otsatizana, lero 10, mawa 10, mkuja 12, monga amachitira anthu a dzino lowawa, n'koopsa ngati kumwa ambiri nthawi imodzi. Maganizo anga ndi akuti aliyense amene wazindikira kuti wapitirira 8 pa maola 24 apite kukiliniki tsiku lomwelo, ngakhale akumva bwino. Ngati wina wamwa ambiri mwadala chifukwa cha mavuto a mumtima, musataye nthawi ndi kumukalipira kapena kuitanitsa msonkhano wa banja. Thamangani naye kuchipatala, ndipo mukhale naye pafupi.

Za mankhwala a chimfine ndikubwerezanso chifukwa ndi pamene ambiri timagwera. Makapisozi ambiri a chimfine, maufa ena osungunula m'madzi otentha, ndi mapiritsi ena a msana ndi a dzino ali ndi parasetamo mkati, ngakhale dzina la kutsogolo kwa bokosi ndi lina. Tembenuzani kapepalako muwerenge timalemba tating'ono. Mukaona dzina loyamba ndi "para" lotsatana ndi nambala ngati 500 kapena 325, muwerengereni pamodzi ndi panado wanu. Chimene chimandipweteka ndi mankhwala ogulitsidwa awiriawiri odula ndi sizasi, kapena oika m'kapulasitiki kopanda dzina, chifukwa pamenepo ngakhale wofuna kuwerenga alibe powerenga. Ine oterowo ndinaleka kugula.

Palinso anzathu amene panado sachoka m'chikwama, mutu pang'ono ameza, tsiku lililonse. Sapyola 8, koma ali ndi vuto lina. Kumwa panado masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi, kwa miyezi itatu, kumatha kubweretsa mutu umene gwero lake ndi mankhwalawo. Munthu amadzuka nawo m'mawa, akamwa umaleka, mankhwala akatha mphamvu umabweranso. Wotereyu akufunika kukambirana ndi achipatala za mmene angasiyire, ndiponso kuyezetsa kuthamanga kwa magazi ndi maso.

Mutu umene wapitirira masiku atatu mukumwa panado pa muyezo woyenera si wa pakantembanso. Ndipo pali mutu umene sufunika kudikira ngakhale tsiku limodzi: wobwera ndi kutentha thupi kuno kwathu kumene malungo ali ponseponse, wobwera ndi kuuma khosi, wogwa mwadzidzidzi ngati wakumenyani ndi chibonga, wobwera ndi kufooka kwa mkono kapena mwendo mbali imodzi, ndi wa mayi woyembekezera amene akuona zinthu mwachimbuuzi kapena watupa nkhope ndi manja.

Mlamu wanga anabwerera pabenchi yake. Mutu ukamuwawa tsopano amamwa limodzi, amalemba nthawi yake kuseri kwa kope lake la ngongole, ndipo amamwa madzi ambiri, chifukwa tinazindikira kuti masiku otentha ankatha tsiku lonse padzuwa ndi kapu imodzi ya tiyi.